Nthabwala za pa Foni Zidzudzula Popanda Kuchula Dzina

Kwa Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza, nyumba zambiri zilibe magetsi a ZESCO, koma magetsi akazima anthu amadziwa msanga, pakuti cigayo ca magetsi cimaima ndipo mai amabwerera ndi cimanga cake pamutu. Mafuta akakwera, wa njinga yamoto nayenso amakweza mtengo wa ulendo wa ku boma. N'cifukwa cake zithunzi zoseketsa zimene zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, zochedwa mimu, zimamveka ngakhale kumidzi.

Tiyeni tione cithunzi ca mtundu uwu: ng'ombe ziwiri zikukoka galimoto, ndipo pansi palembedwa kuti ndi galimoto yatsopano yosamwa mafuta. Palibe nduna kapena cipani cochulidwa. Koma woona aliyense akumbukira kuti mu Disembala 2021 boma linaleka kuthandiza pa mtengo wa mafuta, petulo nakwera kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16 lita imodzi. Kuti kuyambira 2022 bungwe la ERB linayamba kuunikanso mitengo mwezi ndi mwezi. Ndiponso kuti mu 2024 lita inapitirira K30. Dzina la wodzudzulidwa amaliikapo ndi woseka mwini, mumtima mwake. Wojambula akafunsidwa, angoyankha kuti iye anajambula ng'ombe.

Acewa aidziwa njira imeneyi kuyambira kale, pakuti zilombo za Gule Wamkulu zimakuza khalidwe loipa pabwalo mpaka mwini wake adzizindikire, koma osamuloza cala.

Kukuza nkhani kuli ndi malire ake. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inayamba mu Malichi kuzima magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo anthabwala ankati magetsi asanduka mlendo wongopereka moni n'kupita. Pofika Seputembala, madera ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21. Pamenepo coonadi cinapeza nthabwala panjira. Zimene zinali zokokomeza zinasanduka nkhani wamba.

Vuto lalikulu limabwera pamene kukuzako kwacepa. Ng'ombe yokoka galimoto singanamize munthu, koma cikalata cabodza cokhala ndi cizindikiro ca ERB, colengeza mtengo wokwera pang'ono, cingacititse wogulitsa petulo wa m'mabotolo kukweza mtengo tsiku lomwelo. Imeneyo si nthabwalanso ai. Cizindikiro cake n'cakuti nthabwala yeniyeni imaonetsa cinthu cosatheka, pamene bodza limavala tsiku, nambala ndi cidindo.

Lamulo limene linkalanga wonyoza Pulezidenti linacotsedwa mu Disembala 2022, koma mu Epulo 2025 kunakhazikitsidwa malamulo atsopano a milandu ya pa intaneti. Conco munthu woika nkhope kapena dzina la mnzake pa cithunzi cotere angaitanidwebe kukayankha mlandu.