Mkaka wotentha wa Mpemba: kuuza anthu wamba zimene wophunzira wapeza

Wophunzira akamaliza kafukufuku, kawirikawiri amajambula tsamba loyamba la lipoti n'kuliika pa Facebook. Achibale amamufunira mafuno abwino, koma mutawafunsa chimene mwanayo wapeza, sangakuuzeni. Lipoti limasunga zotsatira kumapeto, pomwe munthu wowerenga pafoni ali m'minibasi amangoona mizere iwiri yoyamba. Zotsatirazo zizikhala m'mizere imeneyo.

Titenge nkhani ya Erasto Mpemba wa ku Tanzania. Mu 1963, ali Fomu 3 pasukulu ya sekondale ya Magamba, ankapanga ayisikilimu ndi anzake. Poopa kuti malo atha mufiriji, anaikamo mkaka wake ukadali wotentha, ndipo unaundana msanga kuposa wa mnzake umene unali wozizira. Pambuyo pake anafunsa Denis Osborne, mphunzitsi wa sayansi wa ku koleji ya ku Dar es Salaam, ndipo mu 1969 awiriwa anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Physics Education.

Uthenga wa anthu wamba ungayambe chonchi: "Makapu awiri a madzi, ina yowira, ina yofunda chabe, mwaika mufiriji nthawi imodzi. Iyambe kuundana ndi iti? Mnyamata wa Fomu 3 ku Tanzania anaona kuti nthawi zina imayamba ndi yowirayo, ndipo mphunzitsi wake sanamukhulupirire."

Funsolo likupatsa wowerenga mpata woyankha mumtima, ndipo akapeza kuti waphonya amafuna kumva zambiri. Kapu ndi firiji amazidziwa, choncho dzina la magazini lidikire kumunsi. Manambala awiri akwana: pofunsa Osborne, Mpemba anayerekeza madzi a madigiri 35 ndi a madigiri 100. Chithunzi chikhale cha makapu awiriwo, osati tebulo la manambala.

Mawu amene ndimawalondera kwambiri ndi akuti "nthawi zina". Wolemba wofuna kukopa anthu amawachotsa, n'kungoti madzi otentha amaundana msanga kuposa ozizira. Pamenepo wanena zimene kafukufuku sanatsimikize. Mu 2016 Henry Burridge ndi Paul Linden anayesanso mosamala ku Britain, koma sanapeze umboni woti madzi otentha amazizira msanga. Anaona kuti kungosuntha pang'ono malo a choyezera kutentha m'madzimo kumasintha zotsatira. Uthenga woona uyenera kunena kuti akatswiri akutsutsanabe, ndipo anthu sathawa nkhani chifukwa cha zimenezo. Ambiri amafuna kukayesa okha.

Musanautumize, werengerani munthu amene sanaphunzire sayansi, kenako akufotokozereni m'mawu ake. Akati "madzi otentha amaundana msanga" basi, ndiye kuti mawu aja abisika, asunthireni kutsogolo. Muonetsenso mwini kafukufukuyo ndi mphunzitsi womuyang'anira, makamaka ngati zotsatirazo sizinasindikizidwe.