Menyu imodzi, chala ndi gemupadi

Nintendo Switch itatuluka mu 2017, opanga magemu anapatsidwa chintchito. Makinawa ukawanyamula m'manja, sikirini yake imamva chala. Ukawalumikiza ku TV, sikiriniyo imabisika ndipo umatsala ndi gemupadi basi, chowongolera cha mabatani chija. Choncho menyu imodzi yomweyo iyenera kumvera zonse ziwiri, chonsecho ziwirizi siziyenda mofanana.

Chala chimadumpha: chimene diso laona, chala chafika kale. Gemupadi imayenda phazi ndi phazi, ndipo imafuna cholozera, kamzere kowala kozungulira chinthu chimene wosewera waimapo. Kwa ine, ubwino wa menyu yotere umaonekera pa cholozerachi kuposa pa kukongola kwa mabatani.

Tiyerekeze chikwama cha katundu m'gemu: mizere 4, uliwonse wa mabokosi 6. Wa chala amakhudza bokosi la pakona ya pansi kumanja kamodzi kokha. Wa gemupadi, akayambira pakona ya pamwamba kumanzere, adina kasanu kupita kumanja, katatu kutsika, pamodzi maulendo 8. Wopanga akalola kuti cholozera chikatulukira mbali ina chizilowera mbali inayo, maulendowo amatsala awiri. Koma sungangochepetsa mabokosi kuti ambiri akwane, chifukwa chala n'chachikulu. Malangizo a Apple amati malo okhudza asachepere mapointi 44 mbali zonse, pamene a Android amati 48 dp, pafupifupi mamilimita 9.

Tsono tinene kuti m'chikwamamo muli zinthu 21, ndiye mzere wotsiriza uli ndi zitatu zokha. Wosewera waima pa bokosi lachisanu la mzere wachitatu, wadina kutsika. Pansi pake palibe kanthu. Mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, Navigation ikakhala pa Automatic makina amasankha okha poyang'ana mtunda ndi mbali imene zinthu zili, ndipo nthawi zina cholozera chimakagwera pa batani lotulukira. Wopanga wosamala amaika Explicit n'kulamula yekha kuti chipite pa chinthu cha 21.

Vuto loipitsitsa ndi cholozera chosowa. Wosewera wakhudza malo opanda kanthu pasikirini, kenako wabwerera ku gemupadi, akudina uku ndi uku koma zii. Gemu siinaime ayi. Nyimbo ikulira, chala chikugwirabe ntchito. Chachitika n'chakuti kukhudza kuja kwachotsa chosankhidwa, ndipo gemupadi ilibe poyambira. Zimachitikanso munthu akamwa mankhwala otsiriza m'chikwama: bokosi lafufutidwa, cholozera chapita nalo. Njira yake n'kusunga chinthu chimene anaimapo komaliza, n'kuchibwezera gemupadi ikangodinidwa:

```csharp
if (EventSystem.current.currentSelectedGameObject == null)
    EventSystem.current.SetSelectedGameObject(lastSelected);
```

Ngati chinthucho ndi chimene chafufutidwa, cholozera chipite pa choyandikana nacho. Ndipo kudina koyambako kungoonetsa cholozera, kusachite china chilichonse. Munthu amene wangosiya chala sadziwa pamene cholozera chili. Akadina batani lovomereza n'kupeza kuti wagulitsa lupanga lake, mlandu ndi wa wopanga.

Palinso nkhani ya mafotokozedwe. Pa gemupadi, kuima pa chinthu ndi kuchisankha n'zosiyana: ukaima pa botolo, pambali pamatuluka mawu onena ntchito yake, ndipo umamwa pokhapokha utadina. Chala chilibe poimirira potere, kukhudza ndi kusankha komwe. N'chifukwa chake m'chikwama kukhudza kuyenera kungotulutsa mafotokozedwe pamodzi ndi batani lalikulu logwiritsira ntchito chinthucho. Ena amabisa mafotokozedwe kuti azituluka chala chikakhalitsa pamalo amodzi, koma wosewera amene sanauzidwe sangalote zimenezo.

Zilembo za mabatani nazo zimapusitsa. Pa gemupadi ya Xbox, A ali pansi ndipo B ali kumanja. Pa ya Nintendo, A ali kumanja, B pansi. Menyu izionetsa chizindikiro cha chowongolera chimene chagwiritsidwa ntchito komaliza. Ngati pakona palembedwa kuti B ndi wobwerera, mawuwo akhalenso batani lokhudzika, apo ayi wa chala alowa m'chikwama osatulukamo.

Poyesa menyu, yendani tsamba lililonse ndi gemupadi yokha, kenako ndi chala chokha, komaliza muzisinthasintha pakati pa ntchito: tsegulani chikwama ndi batani, tsetsereka ndi chala mpaka pansi pa mndandanda, mudine kutsika. Apa ndi pamene zambiri zimaululika. ScrollRect ya Unity siitsatira cholozera payokha, motero chimatha kumayenda pa zinthu zimene zili kunja kwa sikirini, wosewera akungomva kaphokoso ka kudina osaona pamene ali.