“Zili bwino” si umboni

Ambiri a ife pano pa koleji tili ndi kageni kotipezera ndalama ya sopo ndi yowonjezera pa fizi. Wina amaphika makeke, wina amakonza mafoni, wina ali ndi makina osokera. Koma munthu amene sakukudziwani sangakusiyireni nsalu yake yodula chifukwa choti inu eni mwanena kuti mumatha. Amafuna amve kwa wina amene anakuyesanipo. Mawu oterowo sabwera okha, amachita kupemphedwa, ndipo ambiri timalakwitsa pa kapemphedwe.

Tiyerekeze kuti mlongo wina wa chaka chachitatu wasoka yunifolomu ya kwaya ya anthu 24. Tsiku lopereka zovalazo, mayi wapampando wa kwayayo akuti, “Zili bwino, mwagwira ntchito.” Mlongoyo asathamangire kuika mawu amenewa pa WhatsApp. Kwathu kuno munthu sakudzudzula pamaso utangomupatsa chinthu m'manja; amayamika kaye, madandaulo akakambira kunyumba. Komanso chovala sichidziwika tsiku loyamba. Adikire masabata awiri kapena atatu, kwaya iimbe nazo, azichape kamodzi. Zizindikiro zoti akhutiradi n'zosabisika: amaliza kulipira osachita kuwalondola, atumiza okha zithunzi, kapena wina wa iwo wabwera ndi nsalu ina.

Akawaimbira foni (Lamlungu kapena Lolemba, osati pakhomo la tchalitchi tsiku la Sabata), funso loyamba lisakhale lopempha chiyamiko. Afunse kuti, “Mayi, kodi pali amene chikumuthina, kapena pamene ulusi wamasuka?” Pa zovala 24 sipalephera kupezeka ziwiri kapena zitatu zofunika kukonza. Azikonze mwaulere ndi msanga. Akatero m'pamene apemphe, ndipo nthawi zambiri kukonza kuja ndiko kasitomala amakukumbukira kwambiri.

Pempho lakuti “mundilembereko mawu abwino” limabala mawu opanda mchere, monga “amasoka bwino, Mulungu amudalitse.” Dalitso ndi labwino, koma wofuna telala saphunzirapo kanthu. Ndi bwino kufunsa mafunso oti munthu afotokoze zimene zinachitika. Munkada nkhawa ndi chiyani musanandipatse ntchitoyi? Tinapangana tsiku liti, ndipo munalandira liti? Yankho lingakhale lotere: “Tinkaopa kuti sizitha msonkhano wa misasa usanayambe. Tinapangana masabata atatu, tinalandira kutatsala masiku anayi. Madiresi awiri anali othina, anawakonza tsiku lomwelo.” Aliyense amene telala anam'khumudwitsapo akudziwa kuti matenda aakulu a ntchitoyi ndi “mubwere mawa,” choncho mawuwa akuyankha mantha enieni a wogula. Za madiresi othina aja musazichotse. Ndizo zimapangitsa wowerenga kukhulupirira zotsalazo.

Ena kulemba kumawavuta, makamaka akuluakulu. Apempheni ajambule mawu pa foni, inu mulembe, kenako muwawerengere avomereze. Afunseninso ngati akulola kuti dzina lawo lioneke. Mukajambula uthenga wawo, bisani nambala. Dziwani kuti wapampando sangavomerezere nkhope za anthu onse 24. Ngati ndi ana a Pathfinder, makolo ndiwo afunsidwe. Popeza zoika pa sitetasi ya WhatsApp zimafufutika pakatha maola 24, sungani maumboniwo pamalo amodzi kuti muzitumizira aliyense wofunsa mtengo.

Kupempha kuti akutchuleni kwa anzawo ndi nkhani ina, yolemerapo, chifukwa munthuyo akukubwerekani dzina lake. Musanene kuti “muziuzako anthu,” ayankha kuti “chabwino” n'kuiwala. Tchulani chenicheni: “Kodi mukudziwako kwaya ina kapena gulu la amayi a Dorika limene likufuna yunifolomu chaka chino?” Akatchula, apempheni ayambe iwo kulankhula nawo, inu muimbe pambuyo. Ndipo ngati ntchitoyo ikugwera sabata ya mayeso, kanani mwaulemu kapena perekani tsiku lakutali. Mukalephera, wochita manyazi ndi mayi uja, ndipo sadzakutchulaninso.

Pali njira yachidule imene ndimaiona kawirikawiri: kuuza anzanu a chipinda chimodzi alembe ngati anagulapo, kapena kulonjeza kutsitsa mtengo kwa amene akuyamikireni. Ife amene timaloweza Eksodo 20:16 sitifunika kuuzidwa dzina la zimenezi. Ndiponso pa mpingo anthu amadziwana, wina adzafunsa kuti, “Diresi lake ndi liti?”

Kuti mudziwe ngati zonsezi zikuthandiza, kasitomala aliyense watsopano muzimufunsa kuti anamva kwa ndani, n'kulemba dzinalo m'kope la maoda. Pakutha pa semesita mudzaona mayina awiri kapena atatu akubwerezedwa. Amenewo aimbireni foni muwathokoze, ndipo akabwera ndi zipi yoduka, asokereni osawalipiritsa.