Ulemu ndi Mwano m'Uthenga Wolembedwa: Chitsanzo cha ku Tsangano

1. Mau Oyamba

Munthu akamalankhula, womvera amaona nkhope yake, amamva kukwera ndi kutsika kwa liwu lake, ndipo amaona ngati waŵerama kapena waima chilili. Uthenga ukalembedwa zonsezi zimatsalira kwa wolembayo. Cholinga cha pepala lino ndi kuonetsa kuti ulemu wa Chicheŵa sutayika wonse polemba, chifukwa mbali yake yaikulu imakhala m'kati mwa mneni. Woŵerenga wa chikhalidwe china amaganiza kuti walandira mwano chifukwa chakuti amafunafuna ulemuwo pamalo pamene Chicheŵa sichiuika.

Tsangano, m'boma la Ntcheu, ndi malo oyenera kuonerapo nkhaniyi. Dera limeneli lili m'malire a Malaŵi ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, malire amene anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Ambiri mwa anthu a mbali zonse ziŵiri ndi Angoni a kwa Maseko amene lero amalankhula Chicheŵa, kapena kuti Chinyanja monga chimatchedwa kutsidyako. Komabe sukulu zinaŵalekanitsa: kuno anaphunzira kulemba m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, pamene uko ambiri anaphunzira m'Chipwitikizi. Malonda a mbatata ya kachewere amabweretsanso ogula ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina, ndipo zambiri zimapanganidwa pa mauthenga aafupi a pafoni.

2. Uthenga Umodzi, Aŵerengi Aŵiri

Chitsanzo chili m'munsichi ndachipanga ndekha motsata kalembedwe ka mauthenga otere. Mlimi wa ku Tsangano akulembera munthu amene amamugula mbatata ndipo ali naye ngongole.

(1) A Ngozo. Mbatata yakwana matumba 40. Mubwere maŵa. Ndimafuna ndalama zanga zija. Musachedwe.

Tiyerekeze kuti uthengawu waonetsedwa kwa mlendo amene anaphunzira Chicheŵa atakula, ndipo chiyankhulo chake chobadwa nacho ndi Chingerezi. Iye aona kuti mulibe moni, mulibe "chonde", mulibe "zikomo", ndipo muli malamulo aŵiri pamodzi ndi kulonjerera ngongole kosabisa. Kwa iye mlimiyu wakwiya. M'Chingerezi mlowam'malo wa munthu amene tikulankhula naye ndi mmodzi yekha, kaya munthuyo ndi mwana kaya ndi mfumu, kotero ulemu umasenzedwa ndi mau oonjezera kapena ndi kusandutsa pempho kukhala funso. Mlendoyu akapanda kupeza zinthu zimenezi amayesa kuti ulemu mulibe.

Munthu wokulira ku Ntcheu aŵerenga uthenga womwewo ndi kupezamo ulemu pamalo anai. Poyamba, wolandira watchulidwa ndi mfunda wake, osati dzina lake la ubwana, ndipo patsogolo pa mfundawo pali "a". Pakati pa Angoni a ku Ntcheu kuitana munthu wamkulu ndi mfunda ndi ulemu waukulu, ndipo pano kukugwira pang'ono ntchito ya moni. Chachiŵiri, aneni oloza kwa wolandira ayamba ndi "mu-" wa "inu", osati "u-" wa "iwe". Chachitatu, mlimiyu sanalembe "bwerani" koma "mubwere", mneni wothera ndi "-e", amene amapereka chifuniro cha wolankhula mmalo mwa lamulo lachindunji. Chachinai, kamau koti "zija" kakukumbutsa nkhani imene onse aŵiri akuidziŵa, motero mlimiyu wapeŵa kutchula kuchuluka kwa ngongole kapena kutalika kwa nthaŵi imene yakhala.

Kuti tione bwino, tiyerekeze ndi uthenga umene ungakhaledi wamwano ngati wolandira ali munthu wamkulu:

(2) Iwe, mbatata yakwana matumba 40. Bwera maŵa. Ndikufuna ndalama zanga. Usachedwe.

Mauthenga aŵiriŵa akamasuliridwa m'Chingerezi amatuluka pafupifupi ofanana. M'Chicheŵa woyamba ndi wa anthu olemekezana, pamene wachiŵiri ukhoza kuthetsa malonda.

3. Makwerero a Pempho

Chicheŵa chimafeŵetsa pempho posintha mneni pang'onopang'ono, monga zikuonekera apa:

(3) a. Tumiza ndalama.
b. Tumizani ndalama.
c. Mutumize ndalama.
d. Mutumizeko ndalama.
e. Mungatumizeko ndalama?
f. Ndimati mutumizeko ndalama.

Malire enieni a ulemu ndi mwano ali pakati pa (3a) ndi (3b). Kuchokera pa (3b) kutsika m'munsi, chimene chikukula ndi danga limene wopemphedwa akupatsidwa kuti akane popanda kuchita manyazi. Ka "-ko" ka mu (3d) kamachepetsa chopemphedwacho, ngati kuti wopempha alandira ngakhale pang'ono. Mu (3f) wopempha wabweza chifuniro chake m'nthaŵi yapita, ngati kuti ndi ganizo chabe limene anali nalo.

Apa ndi pamene mlendo uja naye amalakwa akamalemba. Pofuna kuonetsa ulemu amalemba kuti:

(4) Chonde, tumiza mbatata maŵa. Zikomo.

Iye akuona kuti waika ulemu kumayambiriro ndi kumapeto. Mkulu wa ku Tsangano aona "tumiza", mneni woyenera mwana, ndipo "chonde" sangafafanize cholakwacho. Komanso "chonde" ndi mau odandaulira, a munthu amene wapanikizika kapena amene wanena kale kangapo osamvedwa, motero akhoza kumveka ngati chidzudzulo. Jenny Thomas, m'nkhani yake ya 1983, anasiyanitsa zolakwa za mitundu iŵiri pa kulankhulana kwa anthu a zikhalidwe zosiyana: kusadziŵa mphamvu imene mau ena ali nayo m'chiyankhulo, ndi kusadziŵa zimene anthu a kumaloko amaziyesa zoyenera. Chitsanzo (4) chili ndi zonse ziŵiri, pakuti wolemba sanadziŵe kulemera kwa "chonde", ndiponso sanadziŵe amene ayenera kutchedwa "inu".

Woŵerenga wophunzira m'Chipwitikizi savutika chimodzimodzi, chifukwa chiyankhulo chimenecho chimasiyanitsa mlowam'malo wa chizoloŵezi ndi njira zina zaulemu, monga momwe Brown ndi Gilman anafotokozera za ziyankhulo za ku Ulaya mu 1960. Vuto lake ndi la malire: munthu amene m'Chipwitikizi angamuitane mwachizoloŵezi, monga mnzake wa pantchito wa msinkhu wake, m'Chicheŵa cha ku Ntcheu akhoza kukhalabe "inu" kwa zaka zambiri.

4. Pamene Kalembedwe Kamatisiya

Pali malo amodzi mu (1) pamene ngakhale mwini chiyankhulo akhoza kukayika. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inatulutsa mu 1973, ndi amene anakonzedwanso pambuyo pake, salemba kukwera ndi kutsika kwa liwu. Pa maina monga "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, chiganizo chimatiuza tanthauzo. Koma taonani mneni uyu, pamene kachizindikiro ka pamwamba kakuonetsa liwu lokwera:

(5) a. ndimafúna
b. ndímafúna

Mu (5a) phatikizo la "ndi-" ndi lotsika, ndipo mneni akunena zimene zimachitika posachedwapa. Ameneyu ndiye mneni waulemu wofanana ndi wa mu (3f), amene mlendo amayambira akafika pakhomo kudzapempha kanthu. Mu (5b) "ndí-" ndi wokwera, ndipo mneni akunena za chizoloŵezi, zimene zimachitika masiku onse. "Ndímafúna ndalama zanga" ndi chenjezo lakuti wolankhulayo sachita maseŵera pa ndalama. Onse aŵiri amalembedwa "ndimafuna". Katchulidwe kamasiyana pang'ono m'madera, koma kusiyana kwa nthaŵi ziŵirizi mwa liwu kunafotokozedwa bwino m'ntchito za Al Mtenje ndi anzake, kuphatikizapo buku limene analemba ndi Laura Downing mu 2017.

Kodi woŵerenga angadziŵe bwanji? Mu (1) yankho lili pa "zija". Mau ameneŵa akuloza ndalama zina zodziŵika, za ngongole imodzi, ndipo izi sizigwirizana ndi tanthauzo la chizoloŵezi. Choncho mneniyo ndi (5a), ndipo chiganizo chimene mlendo anachiyesa chaukali kwambiri ndicho chofeŵa koposa mu uthenga wonse. Tikachotsa "zija" ndi kuikapo "pa nthaŵi yake", mneni asanduka (5b) ndipo uthengawo wauma, ngakhale "mu-" waulemu akadalipo.

Chimodzimodzi ndi mafunso amene yankho lake ndi inde kapena iyai. "Simunatumize ndalama" likhoza kukhala funso kapena chinenezo, ndipo polankhula liwu ndilo limasiyanitsa. Olemba pafoni kaŵirikaŵiri amasiya chizindikiro cha funso pamodzi ndi "kodi", motero funso losalakwa limafika ngati mlandu.

5. Malire a Njirayi

Sitinganene kuti "inu" ndi ulemu nthaŵi zonse ndipo "iwe" ndi mwano nthaŵi zonse. Asuwani amaloledwa kunyogodolana, ndipo uthenga wonga (2) pakati pawo, kapena pakati pa anthu okulira limodzi, ndi chizindikiro cha chikondi. Mnzako amene wakhala akukutcha "iwe" akayamba mwadzidzidzi kulemba kuti "inuyo bwana", ulemuwo ndi mtunda umene akuika pakati panu, ndipo mwina wakwiya. Komanso "mu-" akhoza kungotanthauza anthu ambiri. Pa chifukwa chimenechi uthenga uyenera kuyezedwa ndi mauthenga ena a munthu yemweyo kwa munthu yemweyo. Chimene chimaulula mtima ndi kusintha kwa kalembedwe kake.

Tivomerezenso kuti mlendo uja sanalakwe zonse. Kusoŵa kwa moni mu (1) ndi kupereŵera ngakhale m'Chicheŵa. Kumaloledwa pakati pa anthu amene akulemberana tsiku ndi tsiku pa nkhani imodzi, koma kwa apongozi, kwa mfumu, kapena kwa munthu amene papita nthaŵi osalankhulana naye, uthenga wopanda moni ndi wachipongwe ngakhale aneni ake onse atakhala aulemu.

6. Mau Omaliza

Kwa okonza za chiyankhulo pakutuluka mfundo zitatu. Mabuku ophunzitsira alendo Chicheŵa ayambe ndi makwerero a mu (3), ndipo aleke kupereka "chonde" ngati mau amene amakonza pempho lililonse. Omasulira zidziŵitso za boma ndi za mabungwe, makamaka za kumalire kumene aŵerengi ake ndi a sukulu ziŵiri, ayambe afunsa ngati mneni ali wa "inu" asanaganize zoonjeza mau ena aulemu. Pomaliza, sikofunika kulemba liwu pa mau onse, pakuti zimenezo zingalemetse kalembedwe popanda phindu. Koma Centre for Language Studies, imene inatenga ntchito ya Chichewa Board mu 1996, ingachite bwino kuganizira zololeza kachizindikiro kamodzi pa phatikizo loyamba la mneni wa "-ma-" wa chizoloŵezi, poyambira m'mabuku a sukulu, kuti (5a) ndi (5b) asamalembedwe mofanana.