Chigongono chopanda msoko

Lotte Reiniger wa ku Jeremani atatulutsa filimu yake ya Kalonga Achmed mu 1926, anthu ake anali a mapepala olimba odulidwa, ziwalo zolumikizidwa ndi tiwaya. Molumikiziramo simunkaoneka chifukwa zonse zinali zithunzithunzi zakuda bii. Katuni wamitundu wa lero alibe mwayi umenewu: mkono wa zidutswa ziwiri ukangopindika, msoko umaonekera pachigongono, mizere ya malaya n'kuduka.

Mapulogalamu ngati Spine ndi Moho amathetsa vutoli posaudula n'komwe mkonowo. Wojambula amaujambula wathunthu, wowongoka, n'kuikamo mafupa awiri: lina kuchokera paphewa kufika pachigongono, lina kufika padzanja. Kenako amayala pachithunzicho ukonde wa timadontho tolumikizana m'makona atatuatatu, womwe mu Spine umatchedwa Mesh. Timadontho tikasuntha, chithunzi chimatanuka kutitsatira ngati nsalu.

Luso lenileni lagona pogawa mphamvu za mafupa, zomwe pulogalamuyi imazitcha Weights. Kadontho kalikonse kamauzidwa fupa loti kamvere komanso mlingo wake, ndipo zonse pamodzi zimakwana 100 peresenti. Ta pafupi ndi phewa timamvera fupa lapamwamba lokha. Pachigongono, wodziwa ntchito amaika mizere itatu yoyandikana: wapamwamba umamvera fupa lapamwamba 75 peresenti ndi lapansi 25, wapakati 50 ndi 50, wapansi 25 ndi 75. Akatero, mkono umapindika mwa see. Akaika mzere umodzi wokha, pamatuluka kona yakuthwa.

Komatu njirayi ili ndi chilema chake, ndipo ndi pano pamene ongoyamba kumene ambiri amataya mtima, n'kumaganiza kuti alakwitsa. Kadontho kokokedwa ndi mafupa awiri mofanana kamakagwera pakati pa malo awiri amene mafupawo akukafuna, choncho kamayandikira pakati pa mfundo. Mkono ukapindika madigiri 90, chigongono chimatsala ndi pafupifupi 71 peresenti ya kunenepa kwake. Pa madigiri 120 chimatsala theka. Woonera amangoona mkono woonda mopanda chifukwa, uku mkati mwa mfundo makona atatu aja akukwerana, mzere wam'mbali utakwinyika.

Kuchulukitsa timadontho sikuchiza zimenezi, kumangolemetsa masewera a pafoni. Mu Moho, yomwe situdiyo ya Cartoon Saloon ya ku Ireland inagwiritsako ntchito pa filimu ya Wolfwalkers ya 2020, muli chida chotchedwa Smart Bones. Wojambula amapinda fupa mpaka kumapeto, n'kukonza chigongono ndi dzanja kuti chioneke bwino, ndipo pulogalamu imabwezeretsa kukonzako pang'onopang'ono nthawi zonse fupalo likamapindika. Mu Spine ambiri amawonjezera kafupa kothandizira pachigongono kokankhira timadontho kunja.

Chimene ukondewu sungathe ndi kuonetsa mbali yomwe sinajambulidwe. Dzanja likafunika kutembenuka kuti chikhatho chioneke, wojambula amajambula lina n'kulilowetsa m'malo mwa loyambalo.