Beriberi: Matenda Obisala mu Mpunga Woyera

Cha m'ma 1890, ku Batavia pa chilumba cha Java, dokotala wa ku Netherlands, Christiaan Eijkman, anaona nkhuku za pamalo ake ofufuzira zikudzandira ndi kugwa monga momwe ankachitira odwala beriberi. Nkhukuzo zinkadya mpunga woyera wotsala kuchipatala. Zitayamba kudya mpunga wosapuntha, zinachira. Chimene chinkatayika pamodzi ndi madeya ndicho thayamini, kapena kuti vitamini B1.

Aliyense wodziwa mbewu amvetsa chifukwa chake. Njere imasunga thayamini pomwe pali moyo: m'kamluza kamene kamamera, ndi m'kachikopa kopyapyala kokuta njereyo pansi pa mankhusu. Pakati poyera paja ndi nkhokwe chabe ya chakudya cha mmera. Makina opunthira akamapala njere kuti iyere mbee, amachotsa kamluza ndi kachikopako, choncho gawo lalikulu la vitaminiyu limapita ku madeya. Wotsalayo amasungunuka m'madzi, ndiye kutsuka mpunga kambirimbiri kumamuchepetsanso. Chimanga nacho n'chimodzimodzi: kukonola ndi kuviika mphale kumasiya ufa woyera wosauka poyerekeza ndi mgaiwa.

Munthu wamkulu amafuna thayamini wongopitirira pang'ono miligalamu 1 patsiku, koma thupi limasunga pafupifupi mamiligalamu 30 okha, amene amatha m'masabata ochepa. Ntchito yake ndi kuthandiza thupi kusandutsa shuga kukhala mphamvu. Akasowa, ntchitoyo imaimira panjira, mphamvu sizituluka, ndipo asidi amaunjikana m'magazi. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akamadya mpunga woyera wochuluka, m'pamenenso thupi limafuna thayamini wambiri. Amadwala ali wokhuta.

Mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi imadya mphamvu usana ndi usiku, ndipo yaitali ndiyo imayamba kufooka. N'chifukwa chake matendawa amayambira kumapazi, mbali zonse ziwiri: dzanzi, kutentha, kupweteka kwa akatumba akafinyidwa, kenako kulephera kudzuka munthu akanjuta. Minofu imafota. Uyu ndiye beriberi wouma.

Beriberi wotupitsa amagwira mtima. Mitsempha ing'onoing'ono ya magazi imalendewera n'kutanuka, magazi amathamangira kubwerera kumtima, ndipo mtima, womwe nawonso ulibe mphamvu zokwanira, umakakamizika kugunda mofulumira. Impso zimayesa kuti magazi achepa, n'kuyamba kusunga mchere ndi madzi. Miyendo imatupa, munthu amabanika, ndipo nthawi zina amafa m'masiku ochepa. Makanda oyamwa kwa mayi woperewera thayamini amagwidwa motero ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kulira kwawo kumakhala kosasa mawu.

Wodwala mtima chotere akabayidwa thayamini amayamba kupeza bwino m'maola ochepa, koma mitsempha ya m'miyendo imatenga miyezi. Pokonza mpunga, kuuviika ndi kuufutsa ndi nthunzi usanapunthidwe kumalowetsa vitaminiyu mkati mwa njere, kumene makina safika.