Munthu akasanza magazi: chifukwa chake madokotala sathamangira kamera

Magazi otuluka kum'mero, m'chifu kapena koyambirira kwa matumbo aang'ono amaonekera m'njira zitatu. Wodwala amasanza magazi ofiira, kapena masanzi akuda okhala ndi timibulu ta magazi oundana, kapenanso amachita chimbudzi chakuda bii, chomata ndi chonunkha kwambiri. Kudako ndi magazi omwe agayika podutsa m'matumbo. Magwero aakulu ndi awiri. Loyamba ndi zilonda za m'mimba, zobwera ndi kachilombo kapena kumwa pafupipafupi bulufeni, asipirini ndi dayikulofenaki. Lachiwiri ndi mitsempha ya kum'mero yomwe imatupa magazi akamavutika kudutsa m'chiwindi chowonongeka. Ku Malawi kuno vuto lachiwirili ndi lofala chifukwa cha likodzo la m'matumbo, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi mowa.

Tiyerekeze msodzi wa zaka 38 amene wasanza magazi kawiri, wachita chimbudzi chakuda, ndipo anakomoka poyesa kudzuka. Pofika kuchipatala manja ali ozizira, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, bipi ili pa 92/60. Atayeza magazi, himogulobini yapezeka pa 8.5. Dokotala wozindikira sapumira nambala imeneyi, pakuti magazi akangotuluka kumene otsalawo amakhala asanasungunuke, ndipo muyezo umaonetsa ngati zinthu zili bwinoko. Oyamba kunena zoona ndi kugunda kwa mtima, kuzizira kwa khungu, kuchepa kwa mkodzo ndi kubalalika kwa mutu.

Pofuna kudziwa kukula kwa ngozi, madokotala amagwiritsa ntchito muyezo wa Glasgow-Blatchford, womwe unatuluka mu 2000. Chizindikiro chilichonse chili ndi mapointi ake. Msodzi uja alandira 6 chifukwa himogulobini ili pansi pa 10, alandira 2 pa bipi yotsika, 2 pa kukomoka, 1 pa kuthamanga kwa mtima ndi 1 pa chimbudzi chakuda. Zakwana 12 asanawerengere yuriya ya m'magazi ndi matenda a chiwindi. Munthu wopeza 0 kapena 1 angathe kubwerera kwawo n'kudzaunikidwa tsiku lina. Wopeza 12 agonekedwa pomwe anamwino akumuona nthawi zonse.

Ntchito yoyamba ndi kusunga moyo. Ngati akusinza amamugoneka cham'mbali kuti magazi asalowe m'mapapo, ndipo amamupatsa okosijeni ngati mpweya wachepa. Amamuika singano ziwiri zikuluzikulu za diripu, n'kutengako magazi oti afananitse ndi a wopereka. Kenako amathamangitsa madzi a mchere okwana mamililita 500 m'mphindi zosaposa 15, n'kuonanso ngati mtima wakhazikika. Madzi aja atalowa, himogulobini ya msodzi yatsikira pa 6.8, ndipo apa amuika magazi.

Achibale ambiri amafunsa chifukwa chake sawonjezera mabotolo ena. Mwambo wake ndi kuyamba kuika magazi himogulobini ikatsika pansi pa 7, kapena 8 kwa odwala mtima, n'kulekera pakati pa 7 ndi 9. Kafukufuku wa ku Barcelona wa mu 2013 anapeza kuti odwala oikidwa magazi mosamala chotere ankapulumuka ambiri kuposa odzazidwa magazi, popeza magazi ochuluka amakankha mtsempha wong'ambika n'kuutsegulanso. Koma munthu amene magazi akukhuthuka ndipo bipi ikugwa amaikidwa magazi osadikira nambala.

Kapamba wa msodzi wapezeka wotupa, zomwe zikuloza ku mitsempha ya kum'mero. Motero amuyambitsa mankhwala ochepetsa magazi opita kuchiwindi, telipuresini kapena okitiriyotaidi, pamodzi ndi seftiriyakisoni wopha tizilombo, galamu imodzi patsiku. Chikanakhala chilonda cha m'mimba, mankhwala aakulu akanakhala omepurazo wa mumtsempha.

Zikatheka izi ndi pomwe imabwera endosikope, kapaipi kokhala ndi kamera kolowera pakamwa. Odwala ambiri amayenera kuunikidwa pasanathe maola 24, ndipo oganiziridwa mitsempha yotupa pasanathe maola 12. Kufulumira kuposa apa kulibe phindu lodziwika: kafukufuku wa ku Hong Kong wa mu 2020, pa odwala 516 omwe anali pangozi yaikulu, sanapeze kusiyana kwa imfa pakati pa ounikidwa m'maola 6 ndi ounikidwa pakati pa maola 6 ndi 24. Chifu chodzaza magazi chimabisa potuluka, ndipo mankhwala ogonetsa angathe kugwetseratu bipi ya munthu wofooka. Amene magazi sakusiya ngakhale walandira zonsezi ndiye amaunikidwa mwamsanga akangotheka kupirira.

Dokotala akaona mtsempha wong'ambika amaumanga ndi timphira. Chilonda amachibaya adirenalini n'kuchitentha kapena kuchipana. Magazi angathe kuyambiranso, makamaka m'masiku atatu oyamba, choncho mtima ukayambanso kuthamanga kapena masanzi ofiira akabwerera, namwino auzidwe nthawi yomweyo. Zipatala zazing'ono zambiri zilibe endosikope, koma diripu, magazi ndi mankhwala ziyenera kuyamba pomwepo wodwala asanakwere ambulansi.